Kumeta M'mphepete mwa Chithunzi: Malo Osaoneka Amene Makina Amawawerengera

Nkhani ngati iyi ndi yodziwika m'mashopu osindikiza matisheti, makadi a ukwati ndi zikwangwani. Kwaya ya pa mpingo wina inapangitsa posita ya tsiku lokhazikitsa chimbale chawo. Pa positayo panali chithunzi cha oimba, tsiku, malo, mtengo wolowera pakhomo, ndipo chakumanzere chakumwamba panali chizindikiro cha kwayayo, ng'oma yozunguliridwa ndi dzina lawo. Patapita miyezi, mayi wosunga chuma cha kwaya akubwereranso kwa mnyamata amene anakonza posita uja.

“Achimwene, chizindikiro chathu chija tikuchifuna pa matisheti. Chokhachokha, pachifuwa, chachikulu bwino.”

“Musadandaule amayi, fayilo ija ndikadali nayo.”

Mnyamatayo akutsegula fayilo, akufufuta oimba, akufufuta tsiku ndi mtengo, akuchotsa mtundu wakumbuyo, mpaka patsala ng'oma yokha. Akuisunga ngati PNG n'kuitumiza kwa wosindikiza ndi uthenga wakuti ikhale masentimita 24 chopingasa, pakati penipeni. Tisheti yoyamba ikutuluka ndi kang'oma kakang'ono ngati pakamwa pa kapu, ndipo katsamira kumbali ngati kabaji ka pa thumba la malaya.

Palibe makina amene alakwitsa apa. Wosindikiza wachita ndendende zomwe anauzidwa. Chimene chavuta n'chakuti kufufuta zinthu pa chithunzi sikuchepetsa chithunzicho.

Bokosi ndi zimene zili m'bokosi

Chithunzi chilichonse cha pa kompyuta chimakhala cha makona anayi, ngakhale chinthu chojambulidwacho chikhale chozungulira ngati lichero. Ndi mizere ya timadontho totchedwa mapikiseli, toyalidwa chopingasa ndi chotsika, ndipo chiwerengero chake chimalembedwa kumutu kwa fayilo. Malo onsewa mapulogalamu amawatcha Canvas, ndipo kuwatcha chinsalu sikulakwa, chifukwa amafanana ndi nsalu imene telala wayala pa tebulo asanayambe kudula.

Posita ya kwaya ija inali ya mapikiseli 3000 chopingasa ndi 2000 chotsika. Ng'omayo ndi dzina lake zinkatenga mapikiseli 900 mbali zonse ziwiri. Mnyamatayo atafufuta zina zonse, mapikiseli a malo ofufutidwawo sanachoke. Anangosanduka oonekera ngati galasi la pa windo, koma ali pomwepo, aliyense pa mzere wake. Pulogalamu imasonyeza malo otere ndi timabokosi toyera ndi totuwa tokhala ngati bolodi la dirafuti, ndipo diso la munthu limazolowera msanga kutinyalanyaza.

Makina satinyalanyaza. Wosindikiza atalemba masentimita 24, pulogalamu yake inatambasula chinsalu chonse cha mapikiseli 3000 kuti chikwane muyesowo. Ng'oma ya mapikiseli 900 inalandira gawo lake lokha, lomwe ndi masentimita 7.2. Kutsamira kuja nakonso kuli ndi masamu ake. Ng'oma inayambira pa pikiseli ya 300 kuchokera kumanzere n'kuthera pa ya 1200, choncho pakati pake panali pa 750, pamene pakati pa chinsalu ndi pa 1500. Kusiyanako ndi mapikiseli 750, omwe pa tisheti anasanduka masentimita 6. Atadina batani loika chinthu pakati, chimene chinakhala pakati pa chifuwa ndi bokosi, osati ng'oma.

Vuto lomweli limaoneka m'maofesi. Mlembi akaika chidindo kapena siginecha ya abwana mu Word, mawu a kalata amathawira kutali ngati akuopa kanthu, kapena tsamba limodzi limasanduka awiri. Akayesa kukoka chithunzicho kuti chigundane ndi mzere wa dzina, chimakana. Akachidina amaona chifukwa chake: timadontho togwirira tili kutali ndi siginechayo, tazungulira malo aakulu opanda kanthu.

Chimene chimapangitsa pikiseli kuonekera

Kuti munthu amvetse mmene kumeta kumagwirira ntchito, ndi chifukwa chimene nthawi zina kumakanira, ayenera kudziwa nambala imodzi yokha.

Pikiseli iliyonse imanyamula manambala atatu a mtundu: kufiira, kubiriwira ndi buluu. Mu fayilo ya PNG ingathe kunyamulanso nambala yachinayi yotchedwa alifa, imene imanena kuti pikiseliyo ikuphimba motani zimene zili kumbuyo kwake. M'mafayilo ambiri nambalayi imayambira pa 0 kulekeza pa 255. Ikakhala 255, pikiseliyo ndi yolimba, siionetsa chilichonse cha kuseri. Ikakhala 0, ndi yoonekeratu. Manambala apakati ndi amene amapanga mthunzi wofewa, utsi, kapena m'mphepete mosalala mwa chilembo. Nzeru imeneyi inachokera kwa Ed Catmull ndi Alvy Ray Smith chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ku New York Institute of Technology, ndipo PNG, yomwe inakhazikitsidwa mu 1996, inaifikitsa kwa aliyense. JPEG ilibe alifa. N'chifukwa chake chizindikiro chosungidwa ngati JPEG chimabwera nthawi zonse ndi bokosi lake loyera.

Lamulo lometa limagwira ntchito mosavuta kumva. Limayambira m'mphepete mwa pamwamba, n'kuyang'ana mzere woyamba wa mapikiseli. Ngati onse ali ndi alifa 0, mzerewo umatayidwa ndipo limapita pa wotsatira. Likangopeza mzere wokhala ndi pikiseli imodzi yomwe si 0, limaima pomwepo. Limachita chimodzimodzi kuchokera pansi, kumanzere ndi kumanja. Chotsala ndi bokosi laling'ono koposa limene lingakwane chilichonse chimene chili ndi kanthu. Silikhudza chojambula chenichenicho, silichikulitsa, silichichepetsa, ndipo silichepetsa kuwala kwake.

Kumene lamuloli limapezeka

Mu Photoshop lili pa Image > Trim. Kabokosi kamene kamatseguka kamafunsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti limete potsatira chiyani, ndipo pa ntchito iyi yankho ndi Transparent Pixels. Lachiwiri ndi mbali zoti limete, Top, Bottom, Left ndi Right, ndipo kawirikawiri zinayi zonsezi zimasiyidwa zochongedwa. Nthawi zina Transparent Pixels imaoneka yotuwa, yosadinika. Zikatero ndiye kuti chithunzicho chikadali ndi leya yoyera ya Background pansi pake, ndipo palibe malo oonekera oti n'kumeta. Leya imeneyo iyenera kuchotsedwa kaye kapena kubisidwa podina kadiso kake. Zosankha zina ziwiri, Top Left Pixel Color ndi Bottom Right Pixel Color, zimameta potsatira mtundu wa pikiseli ya pakona, ndipo zimathandiza pamene m'mphepete muli moyera osati moonekera.

Mu GIMP, pulogalamu yaulere imene ambiri amadalira, lamuloli ndi Image > Crop to Content. Asanatulutse GIMP 2.10 mu 2018 linkatchedwa Autocrop Image, ndipo amene ali ndi makompyuta akale adzalipeza ndi dzina limenelo. Apa pali misampha iwiri. Pansi pa Layer palinso Crop to Content, koma ameneyu amangochepetsa leya imodzi, chinsalu n'kukhala chimodzimodzi, moti fayilo ikasungidwa imatuluka ndi malo ake onse aja. Wina ndi Zealous Crop, amene ali pafupi pomwepo. Iye samangometa m'mphepete, amachotsanso mizere yopanda kanthu ya mkati mwa chithunzi. Ngati dzina la kwaya lili pansi pa ng'oma ndipo pakati pali kampata, angathe kutseka kampatako n'kugundanitsa zinthu zimene wojambula anazitalikitsa dala.

Ena amakonda kudula ndi dzanja pogwiritsa ntchito Crop, kukoka mizere mpaka itayandikira chojambula. Zimatheka, koma dzanja limasiya mapikiseli 12 uku ndi 30 uko, kapena limadya kansonga ka chilembo osazindikira. Pa ntchito yofuna kuti chinthu chikhale pakati penipeni, lamulo lodzimetera lokha ndi lodalirika kuposa diso.

Chinthu chimodzi chisanachitike zonsezi: ntchito ichitikire pa kope. Posita yoyambirira, ndi maleya ake onse, isiyidwe mmene inalili, chifukwa kwaya yomweyo idzabweranso chaka chamawa kufuna kuti asinthe tsiku lokha.

Kumeta kukakana

Mnyamata uja wabwerera pa kompyuta yake. Wadina Trim, wasankha Transparent Pixels, wavomereza. Chinsalu chasuntha pang'ono, kumanzere ndi kumwamba kwafupika bwinobwino, koma kumanja ndi kumunsi kwatsala chigwa chonse cha timabokosi totuwa. Akuyang'ana pa Image > Image Size ndipo akuona 2610 ndi 1640, pamene amayembekezera chapafupi ndi 900 ndi 900.

Apa ndiye pagona ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene ambiri amataya mtima n'kunena kuti pulogalamu yawo ndi yowonongeka. Siinawonongeke. Penapake chakumunsi kumanja patsala kanthu. Mtundu wakumbuyo uja anauchotsa ndi chofufutira cham'mphepete mofewa, ndipo chofufutira chotere chimasiya mapikiseli ofufutika mwatheka pamene chadutsa kamodzi kokha. Kadontho ka alifa 3 pa 255 kamaphimba pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100. Palibe diso limene lingakaone, makamaka pamwamba pa timabokosi tija. Koma 3 si 0, ndipo lamulo lometa limaima pa iko monga mmene lingaimire pa ng'oma yeniyeniyo.

Zinyenyeswa zotere zimachokera kosiyanasiyana. Magic Wand ikagwiritsidwa ntchito pa chithunzi chimene chinali JPEG imasiya timaanga, chifukwa JPEG imadetsa pang'ono malo oyera ozungulira zilembo, ndipo timaanga tina timadumpha muyeso wa Tolerance. Siginecha yojambulidwa ndi foni imabwera ndi fumbi la pa pepala ndi mthunzi wa dzanja la wojambulayo. Nthawi zina ndi kamzere kopyapyala kotsalira m'mphepete mwenimweni mwa chinsalu, kumene kusankha sikunafike. Nthawi zina ndi leya yoiwalika, kachidutswa ka chilembo kapena kuwala kumene kunaikidwa kuseri kwa mawu amene anafufutidwa kale.

Manambala a pambuyo pometa amaloza kumene kuli vuto. Ng'oma inali pakona yakumanzere kumwamba ya chinsalu chatsopanocho, ndipo malo otsala anali kumanja ndi kumunsi. Popeza kumeta kumaima pa chinthu choyamba chimene kwakumana nacho, ndiye kuti pali kanthu kogunda mphepete yakumanja, ndiponso kanthu kogunda mphepete yapansi. Kangakhale kadontho kamodzi pakona, kapena tiwiri tosiyana. Wofufuza sayenera kusakasaka chinsalu chonse. Ayambire m'mphepete zimene zakana kuyandikira.

Njira yachidule yoonera zosaonekazi mu Photoshop ndi kuika mkombero pa leya. Pa Layer > Layer Style > Stroke munthu amasankha mtundu wofiira kwambiri, Size ya mapikiseli 10 kapena kuposerapo, Position ya Outside. Mkomberowo umazungulira chilichonse chimene chili pa leyayo, ndiye kadontho kamene kanabisala kamatulukira ngati chiphuphu chofiira pakati pa chinsalu chopanda kanthu. Pa posita ya kwaya panatuluka titatu: kamodzi pakona yakumunsi kumanja, ndi tiwiri pamene panali mtengo wolowera pakhomo. Mu GIMP chimene chimathandiza ndi Layer > Transparency > Threshold Alpha. Muyeso wake ukatsitsidwa kufika pansi, pikiseli iliyonse yokhala ndi kanthu imalimba n'kuonekera poyera. Munthu akaona pamene pali zinyalala ayenera kubweza ndi Ctrl+Z, chifukwa lamulo limeneli limaumitsanso m'mphepete mwa chojambula, zilembo n'kukhala za manomano ngati sowo.

Kuthamangitsa kadontho kalikonse ndi chofufutira kumatopetsa, ndipo kumabala timadontho tina. Chabwino ndi kutembenuza ntchitoyo. Munthu azungulize chinthu chimene akufuna kusunga ndi Rectangular Marquee kapena Lasso, akusiya kampata pang'ono, aonetsetse kuti Feather ili pa 0, kenako asankhe Select > Inverse n'kudina Delete. Zonse za kunja kwa mzerewo, zooneka ndi zosaoneka, zimapita kamodzi. Ngati maleya ali angapo, achite zimenezi pa iliyonse, kapena ayambe wawaphatikiza pa kope lija. Akatha achotse mkombero wofiira uja asanamete, apo ayi nawonso udzawerengedwa.

Mthunzi, ndi pakati pamene si pakati

Kachiwiri, Trim yapereka 948 ndi 960. Zili pafupi, koma si 900. Mapikiseli owonjezerawo ndi mthunzi umene unaikidwa pansi pa ng'oma pa posita kuti ioneke yotukuka. Mthunzi umazirala pang'onopang'ono, ndipo mbali yake yomaliza, ya alifa 5, 3, 1, siioneka koma ilipo. Unagwera kumanja ndi kumunsi, choncho mapikiseli 48 onse owonjezera chopingasa ali mbali imodzi. Pakati pa bokosi latsopano pali mapikiseli 24 kumanja kwa pakati pa ng'oma. Chinthucho chikakulitsidwa kufika masentimita 24, kutsamirako kumapitirira theka la sentimita. Pa tisheti imodzi sizidziwika. Pa khadi lokhala ndi mkombero, kapena pamene chizindikirocho chili pamwamba pa mzere wa mawu oikidwa pakati, munthu watcheru amaona kuti china chake chapendekeka.

Apa wokonza ayenera kusankha yekha, chifukwa pulogalamu siidziwa chimene iye akufuna. Pa tisheti mthunzi wofewa nthawi zambiri susindikizika bwino, ndipo kuuzimitsa ndiko kwanzeru. Ukazimitsidwa, kumeta kumapereka 900 ndi 900. Ngati mthunziwo ukufunika, monga pa chithunzi cha katundu wotsatsidwa pa intaneti, usiyidwe wonse. Kuudula ndi dzanja pofuna kuti bokosi lithine kumasiya mzere wowongoka pamene mthunzi wathera mwadzidzidzi, ndipo mzerewo umaonekera chithunzicho chikaikidwa pa pepala loyera.

Nthawi zina kuthina kwenikweni sikufunika n'komwe. Mapulogalamu ena akamachepetsa kapena kutembenuza chithunzi amanyenya pang'ono mapikiseli a m'mphepete mwenimweni, ndiye chozungulira chimene chagunda malire a bokosi chimaoneka ngati chaphwanyika pang'ono m'mbali zinayi. Mankhwala ake ndi kumeta kaye, kenako kubwezera kampata kofanana mbali zonse. Mu Photoshop zimachitika pa Image > Canvas Size, pochonga Relative n'kulemba 20 m'mabokosi onse awiri, zimene zimaika mapikiseli 10 mbali iliyonse. Kusiyana kwa kampata aka ndi chigwa chija n'kwakuti aka ndi kodziwika kukula kwake, ndipo ndi kofanana uku ndi uku.

Zimene kumeta kumaulula, ndi zimene sikuchita

Pali chinthu china chimene mnyamata uja anachidziwa pokhapokha atameta, ndipo sichinali chokondweretsa. Fayilo imene ankaiona ngati yaikulu, ya mapikiseli 3000, inali kwenikweni chithunzi cha mapikiseli 900. Osindikiza amakonda mapikiseli 300 pa inchi iliyonse kuti chinthu chituluke chakuthwa. Pa muyeso umenewo, mapikiseli 900 amakwana mainchi 3, omwe ndi masentimita 7.6. Kuti ng'oma ifike masentimita 24 pamafunika mapikiseli pafupifupi 2835. Kutambasula 900 aja kufika pamenepo kumasiya mapikiseli pafupifupi 95 pa inchi. Nsalu ya tisheti imabisa zambiri kuposa pepala losalala, komabe zilembo zazing'ono za dzina la kwaya zikanatuluka zachimbuuzi. Kumeta sikunabweretse vutoli, kunangochotsa chimene chinkaliphimba. Njira yake ndi kufunafuna fayilo yoyambirira ya chizindikirocho, kapena kuchijambulanso mu pulogalamu ya mizere monga Inkscape, momwe chingakule mulimonse osawonongeka.

Ambiri amayembekezeranso kuti fayilo ikametedwa ipepuka kwambiri potumiza, ndipo amadabwa kuona kuti makilobayiti angotsika pang'ono. PNG imapanikiza bwino zinthu zobwerezabwereza, moti mizere masauzande ya mapikiseli ofanana imatenga malo ochepa zedi. Phindu lenileni limaoneka fayiloyo ikatsegulidwa. Pamenepo pikiseli iliyonse, yooneka kapena yosaoneka, imatenga mabayiti 4 mu memore ya kompyuta kapena foni. Chinsalu cha 3000 ndi 2000 chili ndi mapikiseli 6 miliyoni, omwe ndi mabayiti 24 miliyoni. Cha 900 ndi 900 chimatenga pafupifupi mabayiti 3.2 miliyoni. Chikalata chokhala ndi zizindikiro makumi awiri za mabungwe othandiza, chilichonse ndi chigwa chake, chimalemera pa kompyuta yakale mpaka kuyamba kukokakoka.

Amene ali ndi mafayilo ochuluka, mwina zithunzi 200 za katundu wa m'sitolo, sangatsegule imodziimodzi. Pulogalamu yaulere ya ImageMagick imachita ntchitoyi ndi mzere umodzi pa fayilo iliyonse:

```
magick ngoma.png -trim +repage ngoma_yometa.png
```

Mawu akuti `+repage` asaiwalike. Popanda iwo, fayilo yatsopano imasungabe chikumbutso cha kukula kwa chinsalu chakale ndi malo amene chidutswacho chinali, ndipo mapulogalamu ena amatsatira chikumbutsocho n'kuika chithunzi pambali. Kuika `-fuzz 5%` patsogolo pa `-trim` kumauza pulogalamu kuti inyalanyaze mapikiseli osiyana pang'ono chabe ndi a pakona, zimene zimadumphitsa timadontho tozirala tija. Koma kumadyanso mbali yomaliza ya mthunzi, choncho ndi bwino kuyesa kaye pa mafayilo awiri kapena atatu.

Zojambula za mizere zili ndi vuto lofanana m'chovala china. Mu Inkscape, Shift+Ctrl+R imachepetsa tsamba kuti likwane chojambula chonse, kapena chimene chasankhidwa. Mu Illustrator ndi Object > Artboards > Fit to Artwork Bounds. Kumeneko zinyenyeswa si mapikiseli koma timfundo totsalira ndi mabokosi a mawu opanda mawu, ndipo Object > Path > Clean Up imasesa zimenezo.

Pamene m'mphepete muyenera kusiyidwa

Si malo onse opanda kanthu amene ali zinyalala. Ena akugwira ntchito, ndipo kuwameta ndi kuwononga.

Chitsanzo chapafupi chili m'shopu yomweyo ya matisheti. Posindikiza ndi sefa, mtundu uliwonse umakhala ndi sefa yakeyake. Ng'oma yofiirira ipita pa fayilo ina, dzina loyera pa ina. Mafayilo awiriwa amagwirizana chifukwa ali ndi chinsalu chofanana, ndipo chilichonse chili pa malo ake m'chinsalumo. Wina akawameta payekhapayekha, lina lidzatuluka 620 ndi 700, lina 900 ndi 900, ndipo chimene chinkasonyeza kuti ng'oma ikhale pati mkati mwa dzina chatayika. Kumeta kuchitike kamodzi, mitundu yonse ili pamodzi, kugawa kubwere pambuyo. Chimodzimodzi ndi zithunzi zoyenda: kamunthu kodumpha kakametedwa chithunzi chilichonse pachokha, kudumphako kumatha, kamangonjenjemera pamalo amodzi, chifukwa mpata wa pansi pa mapazi ake ndiwo unali kudumphako.

Masitika a pa WhatsApp ndi chitsanzo china. Amayenera kukhala mapikiseli 512 ndi 512 ndendende, kaya chojambulacho ndi chachitali kapena chachifupi, ndipo eni ake amalangiza kusiya mpata wa mapikiseli 16 m'mphepete. Wopanga sitika amameta kaye kuti adziwe kukula kwenikweni kwa chojambula chake, kenako amachikhazika pakati pa chinsalu cha 512. Timazizindikiro ta mabatani a pa foni natonso timapangidwa pa chinsalu chofanana, kuti muvi wopyapyala ndi kanyumba kotambalala zioneke za msinkhu umodzi zikaikidwa pa mzere.

Mnyamata uja anazimitsa mthunzi, anajambulanso dzina la kwaya kuti likule bwino, anameta, ndipo anayang'ana manambala asanasunge. Kenako anachita mayeso awiri amene satenga ngakhale mphindi. Anaika leya yakuda bii pansi pa ng'omayo kuti aone ngati patsala ulusi woyera m'mphepete, popeza matisheti a kwayayo anali akuda. Anaikanso fayiloyo mu Word n'kuidina, ndipo timadontho togwirira tinakhala pa mkombero wa chizindikiro penipeni, mbali zonse zinayi.

Potumiza anasamala chinthu chomaliza. Chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chimapanikizidwa n'kufika ngati JPEG, alifa yonse itatayika, ndipo malo oonekera aja amadzazidwa ndi mtundu wolimba. Anachitumiza ngati Document, kuti chifike mmene chinachokera. Mu uthenga wake sanalembenso kuti fayilo ikhale masentimita 24. Analemba kuti chizindikirocho, kuchokera kumphepete yake yakumanzere kufika yakumanja, chikhale masentimita 24, ndipo anapempha wosindikiza kuti ayeze ndi tepi pa tisheti yoyamba asanapitirize ndi zina zonse.